OR ya 3 sikutanthauza kuti mudwala katatu: mmene tingawerengere kafukufuku woyambira pa odwala

Mukamawerenga nkhani za umoyo mumakumana ndi mawu ngati oti anthu amene amachita chakuti ali pa chiopsezo chochuluka katatu chodwala matenda akuti, ndiye mukapita kukafufuza pepala la kafukufukuyo mumapeza kuti nambala 3 ija ilipodi, koma pambali pake palembedwa kuti OR, chidule cha odds ratio, osati RR, chidule cha risk ratio. Zilembo ziwiri zokha koma zimasintha nkhani. OR imayerekeza maodzi, amene ndi odwala poyerekeza ndi osadwala, RR imayerekeza chiopsezo, chimene ndi odwala pa gulu lonse, ndipo nthawi zina ziwirizi zimayandikana kwambiri moti palibe vuto, koma nthawi zina zimatalikirana mpaka munthu kumaopa zinthu zoti sizili choncho, kapena dokotala kuuza wodwala nambala yoti kafukufukuyo sananene nkomwe.

Kuti zimveke tiyambire pa mmene kafukufuku wa mtundu wa kesi-kontirolo amapangidwira, chifukwa vuto lonse limabadwira pamenepo.

Njira yoongoka yodziwira ngati chinthu chimadwalitsa ndi kutenga anthu abwinobwino ambirimbiri, ena ochita chinthucho ena osachita, nkuwatsatira zaka zambiri kuona amene adwale. Pamenepo mumawerenga chiopsezo mwachindunji, mwa osuta 1,000 adwala angati, mwa osasuta 1,000 adwala angati, basi. Koma ngati matendawo ndi osowa kapena amatenga zaka 20 kuti aonekere mudzadikira mpaka liti, ndipo ndalama zake zichokera kuti? Ndiye ofufuza amatembenuza njira. Amayamba ndi anthu amene adwala kale, awa ndi makesi, kenako amapeza anthu ena ofanana nawo koma opanda matendawo, awa ndi makontirolo, nkuwafunsa onse za m'mbuyo, munkasuta kodi, munamwa mankhwala akuti kodi, munkagwira ntchito yanji.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, chimene chinatuluka mu British Medical Journal mu 1950. Nthawi imeneyo kansa ya m'mapapo inkachuluka modabwitsa ku Britain ndipo anthu ankakaikira zinthu zingapo, utsi wa magalimoto, phula la m'misewu, fodya. Iwowa anapita mu zipatala 20 za mu London, ndipo wodwala kansa ya m'mapapo aliyense anamupezera mnzake wogonekedwa ndi matenda ena osati kansa, wa msinkhu wofanana, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi. Manambala a amuna anali chonchi:

```
             kansa   opanda kansa
osuta         647        622
osasuta         2         27
onse          649        649
```

Taonani kaye mzere wa pansiwo. 649 ndi 649. Kodi zikutanthauza kuti theka la amuna a mu London anali ndi kansa ya m'mapapo? Ayi ndithu, ndi ofufuzawo anasankha okha kuti pa kesi iliyonse atenge kontirolo mmodzi. Akanafuna akanatenga awiri, anayi, khumi. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa munthu amene sanazolowere amangowerenga tebuloli chopingasa, amati osuta onse alipo 647 kuphatikiza 622 ndi 1,269, mwa iwo odwala ndi 647, ndiye kuti osuta 51 peresenti amadwala kansa. Osasuta alipo 29, odwala 2, ndiye pafupifupi 7 peresenti. Akagawa 51 ndi 7 amapeza 7 ndi kanthu, nkunena kuti kusuta kumachulukitsa chiopsezo kasanu ndi kawiri.

Masamuwo sanalakwe, koma manambala atatu onsewa, 51, 7 ndi 7.4, alibe tanthauzo kunja kwa tebuloli. Tiyese chonchi, tiyerekeze kuti Doll ndi Hill anali ndi nthawi yambiri nkutenga makontirolo ochuluka kakhumi, a mtundu womwewo, ndiye kuti osuta opanda kansa akhala 6,220 ndipo osasuta opanda kansa 270. Makesi ndi omwe aja, 647 ndi 2. Werenganinso chopingasa. Osuta odwala tsopano ndi 647 mwa 6,867, imene ndi 9.4 peresenti, osasuta odwala ndi 2 mwa 272, osakwana ndi 1 peresenti yomwe, ndipo mukagawa mupeza 12.8. Fodya ndi yemweyo, mapapo ndi omwewo, chimene chasintha ndi kuchuluka kwa anthu amene ofufuza anawafunsa basi, koma "chiopsezo" chatsika kuchoka pa 51 kufika pa 9. Nambala yoti imasintha malinga ndi mmene wofufuza wadzukira siingakhale chiopsezo cha munthu. Nchifukwa chake kafukufuku wa mtundu uwu payekha sangakuuzeni kuti mwa osuta 100 adwale angati, alibe njira yodziwira zimenezo.

Ndiye chimene amatha kutiuza ndi chani? Apa ndi pamene pamabwera maodzi.

Chiopsezo chimayerekeza amene zawachitikira ndi gulu lonse. Maodzi amayerekeza amene zawachitikira ndi amene sizinawachitikire. Pa anthu 10 ngati 2 adwala, chiopsezo ndi 2 pa 10, pamene maodzi ndi 2 kwa 8. Kusiyana kwake ndi nambala ya pansiyo. Pamene odwala ali ochepa kwambiri, tinene 1 pa 1,000, maodzi ndi 1 kwa 999, ndipo kunena zoona 999 ndi 1,000 palibe amene angakanganepo. Koma odwala akamachuluka ziwirizi zimapatukana msanga, 50 pa 100 ndi theka koma maodzi ake ndi 1, ndipo 90 pa 100 maodzi ake ndi 9. Chiopsezo chili ndi denga, sichingadutse 100 peresenti, maodzi alibe denga, amangokwera.

Mu tebulo la Doll ndi Hill tiwerenge chotsika tsopano, momwe anthuwo anasonkhanitsidwira. Mwa odwala kansa, osuta ndi 647 kwa osasuta 2, ndiye maodzi a kusuta ndi 323.5. Mwa opanda kansa ndi 622 kwa 27, maodzi ndi 23 ndi pang'ono. Gawani 323.5 ndi 23 mupeza 14. Imeneyo ndiye OR, ndipo mwachidule anthu amangotaimusa mopingasa:

```
OR = (647 x 27) / (2 x 622) = 14.0
```

Tsopano bwererani ku makontirolo ochuluka kakhumi aja. 6,220 kwa 270 maodzi ake akadali 23 yemweyo, OR ikadali 14, siinasunthe ngakhale pang'ono. Ubwino wa OR ndi umenewu, ndipo pali kenanso kosangalatsa, masamu ake amatuluka chimodzimodzi kaya mwafunsa kuti maodzi a kusuta mwa odwala ndi otani poyerekeza ndi mwa osadwala, kaya mwafunsa kuti maodzi a kudwala mwa osuta ndi otani poyerekeza ndi mwa osasuta. Ife tinafunsa funso loyamba, koma yankho lake limayankhanso lachiwiri, lomwe ndi limene timalifuna. Chiopsezo sichitembenuzika chonchi, maodzi okha ndi amene amatembenuzika.

Mu 1951 Jerome Cornfield, katswiri wa masamu a kafukufuku ku America, anaonetsa kuti matenda akakhala osowa OR imakhala pafupifupi yofanana ndi RR. Kansa ya m'mapapo ngakhale inkachuluka inali ikadali yosowa mukayerekeza ndi amuna onse pa chaka, ndiye 14 uja tikhoza kumuwerenga kuti osuta anali pa chiopsezo chochuluka mwina ka 14 kuposa osasuta ndipo sitilakwa kwambiri. Vuto ndi loti anthu anakumbukira theka la chiganizo cha Cornfield, loti OR ndi pafupifupi RR, nkuiwala theka linalo loti matendawo akhale osowa.

Tiyeni titenge OR ya 3 tione mmene imasinthira nkhope. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke. Njira yake ndi masitepe atatu, sandutsani chiopsezo cha gulu losachita chinthucho kukhala maodzi, taimusani ndi OR, kenako bwezani maodziwo kukhala chiopsezo.

Ngati mwa osachita chinthucho amadwala 1 pa 1,000, maodzi ndi 1 kwa 999, kutaimusa ndi 3 ndi 3 kwa 999, kubweza ndi 3 pa 1,002. Apa katatu ndi katatudi. Ngati amadwala 10 pa 100, maodzi ndi 1 kwa 9, akhala 3 kwa 9, ndiye kuti 3 pa 12 imene ndi 25 peresenti, kuchoka pa 10 kufika pa 25 ndi 2.5 osati 3, yayamba kutsetsereka koma mwina mukhoza kuikhululukira. Nanga ngati ndi vuto lofala, loti 40 pa 100 amakhala nalo kale? Maodzi ndi 40 kwa 60, kutaimusa ndi 3 ndi 120 kwa 60, kapena kuti 2 kwa 1, ndipo 2 kwa 1 ndi anthu awiri pa atatu alionse, 67 peresenti. Kuchoka pa 40 kufika pa 67 ndi 1.7 basi. Amene angawerenge OR imeneyi ngati chiopsezo anena kuti 40 kutaimusa ndi 3 ndi 120 peresenti, kutanthauza kuti pa anthu 100 adwala 120, zomwe sizingatheke, ndipo kayeso kameneka ndi kabwino kukakumbukira, mukataimusa nkupeza nambala yodutsa kapena yoyandikira 100 dziwani kuti mwagwira OR ngati RR.

Fomula yochitira zonsezi kamodzi ilipo, inatchuka ndi pepala la Zhang ndi Yu la mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 1998, pomwe P0 ndi chiopsezo cha gulu losachita chinthucho:

```
RR = OR / (1 - P0 + P0 x OR)
```

Ikani P0 ya 0.4 ndi OR ya 3, pansi pakhala 0.6 kuphatikiza 1.2 ndi 1.8, ndipo 3 kugawa ndi 1.8 ndi 1.67, zomwe tapeza zija. Koma onani bwino, fomulayi ikufuna P0, ndipo P0 ndi nambala ija tanena kuti kesi-kontirolo alibe. Muyenera kukaitenga kwina, mu kaundula wa matenda kapena kafukufuku wotsatira anthu, ndipo ikhale ya anthu ofanana ndi amene anafufuzidwawo. Komanso pa OR imene yakonzedwa kale poganizira zinthu zina monga msinkhu, imene amailemba kuti aOR, fomulayi imangokupatsani chithunzi, siilondola ndendende. Ambiri amagwiritsa lamulo la pamutu loti matenda akakhala pansi pa 10 peresenti kusiyanako nkochepa, ine ndimati onaninso kukula kwa OR yeniyeniyo, chifukwa OR ya 1.3 pa 10 peresenti ilibe vuto koma OR ya 10 pa 10 peresenti yomweyo imatanthauza RR ya 5 ndi pang'ono.

Mbali imene cholakwikachi chimapendekera ndi imodzi nthawi zonse, OR imakhala kutali ndi 1 kuposa RR. Ikakhala pamwamba pa 1 imakokomeza kuopsa, ikakhala pansi pa 1 imakokomeza kuteteza kapena kuchepa. Za pansi pa 1 pali nkhani yodziwika ya mu 1999, siinali kesi-kontirolo koma cholakwika chake ndi chomwechi. Kafukufuku wa Schulman ndi anzake mu New England Journal of Medicine anaonetsa madokotala a ku America mavidiyo a anthu osewera ngati odwala mtima, nkuona amene awatumize kukapimidwa mitsempha ya mtima. OR ya anthu akuda poyerekeza ndi azungu inali 0.6, ndipo manyuzipepala ndi mawayilesi akanema ambiri analengeza kuti anthu akuda amatumizidwa mochepera ndi 40 peresenti. Koma manambala enieni anali 84.7 peresenti kwa akuda ndi 90.6 peresenti kwa azungu, RR ya 0.93, kusiyana kwa 7 peresenti. Kusiyanako kunalipodi ndipo kunali koyenera kukambidwa, koma poti pafupifupi aliyense ankatumizidwa, maodzi anali atakwera kale kumwamba ndipo OR inakulitsa chithunzi kasanu ndi kupitirira.

Pali kamfundo kena koti ndisakabise, poti ena amene anaphunzira zimenezi afunsa. Si kesi-kontirolo aliyense amene amafuna kuti matenda akhale osowa. Ngati ofufuza ankasankha kontirolo nthawi yomweyo imene kesi yapezeka, kuchokera mwa anthu amene pa tsikulo anali asanadwale, OR yake imayerekeza liwiro limene matenda akugwirira anthu m'magulu awiriwo, kaya matendawo ndi ofala kaya ayi. Zimenezi mumazipeza mu gawo lofotokoza njira zimene anatsata, osati mu chidule cha pamwamba, nchifukwa chake kuwerenga chidule chokha nkoopsa. Koma ngakhale pamenepo, chimene mwapeza ndi kuti kangati, osati kuti angati pa 100.

Ndipo kangati payekha samuuza munthu kuti aope bwanji. Mu 1971 Arthur Herbst ndi anzake ku Boston anafufuza atsikana 8 amene anadwala kansa ya njira ya chiberekero yosowa kwambiri pa msinkhu wawo, nkuwayerekeza ndi makontirolo 32. Amayi a atsikana 7 mwa 8 anali atamwa mankhwala otchedwa DES ali oyembekezera, mwa makontirolo 32 panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndi ziro ameneyo OR siiwerengeka nkomwe, imathawira kumwamba, ndipo kugwirizanako kunali kwenikweni. Koma atawerengera pambuyo pake anapeza kuti mwa ana aakazi a amayi amene anamwa DES, amene anadwala kansayo anali pafupifupi 1 pa 1,000. Zonse ziwiri ndi zoona, mankhwalawo anayenera kuletsedwa kwa oyembekezera, komanso mtsikana amene mayi ake anamwa anayenera kuuzidwa kuti 999 mwa 1,000 sadwala kansa imeneyi.

Tibwerere kwa Doll ndi Hill, chifukwa 14 uja nayenso si mwala. Yang'anani kabokosi ka osasuta odwala kansa, muli anthu 2 okha. Akanakhala 4, OR ikanatsika kufika pa 7, akanakhala mmodzi ikanakwera kufika pa 28. Munthu mmodzi kapena awiri oyankha mosiyana akusuntha nambala yonse. Ichi nchifukwa chake pambali pa OR pamalembedwa 95% CI ndi manambala awiri, amene ndi malire a pamene yankho lenileni likhoza kukhala. Tikawerengera lero pa tebuloli malirewo ndi kuyambira pa 3.3 mpaka pa 59. Ndiye chimene tinganene molimba mtima ndi chakuti kugwirizanako kulipo ndipo nkwakukulu, poti ngakhale malire a pansi ali kutali ndi 1, koma kuti ndi 14 ndendende ayi. Malire akakhala kuti akudutsa pa 1, tinene 0.8 mpaka 2.5, ndiye kuti kafukufukuyo sanathe kusiyanitsa pakati pa kuteteza pang'ono, kusachita kanthu ndi kuvulaza, ngakhale nambala ya pakati ioneke yokopa bwanji.

Malirewa amangonena za kuchepa kwa anthu, sanena kanthu za kusankha molakwika, ndipo ine ndikamawerenga pepala la mtundu uwu nthawi yambiri ndimathera pa funso loti makontirolo anawatenga kuti. Ntchito ya makontirolo ndi kuimira anthu amene makesi anachokeramo, kutionetsa kuti kusuta kunali kofala bwanji mwa anthu wamba. A Doll ndi Hill anali odwala a m'chipatala, ndipo lero tikudziwa kuti fodya amagonekanso anthu ndi matenda a mtima ndi a chifuwa, ndiye mwa makontirolo awo osuta ayenera kuti anali ochuluka kuposa kunja. Zikatero 23 uja amakhala wokwera kuposa mmene ayenera kukhalira, ndipo OR imatuluka yochepa kuposa yeniyeni. Kwa iwo cholakwikachi chinangochepetsa mphamvu ya zimene anapeza. Koma chikhoza kupita mbali inayo, mukatenga makontirolo mwa anthu odzipereka okha, amene kawirikawiri amakhala osamala za thupi lawo, chinthu chilichonse choipa chimaoneka chochuluka mwa odwala ndipo OR imafufuma popanda chifukwa.

Kenako pali kukumbukira. Munthu amene wauzidwa kuti ali ndi kansa amagona akusinkhasinkha kuti ndinalakwa pati, amakumbukira ndudu iliyonse, pamene kontirolo amangoyankha mwachangu kuti apite. Wofunsanso akadziwa kuti uyu ndi kesi amatha kukumba kwambiri osazindikira. Doll ndi Hill anali ndi yankho labwino pa nkhaniyi, lomwe linabwera lokha. Panali odwala ena amene pa nthawi yofunsidwa aliyense ankaganiza kuti ali ndi kansa ya m'mapapo, wofunsa yemwe, koma pambuyo pake zinapezeka kuti analibe. Kukanakhala kuti kukhulupirira kuti pali kansa ndi kumene kunkakweza mayankho, anthu amenewa akanaoneka osuta kwambiri ngati makesi. Koma kasutidwe kawo kanafanana ndi ka makontirolo. Anaonanso kuti amene ankasuta ndudu zambiri pa tsiku ndi amene anachuluka mwa odwala kansa, ndipo mu 1951 anayamba kutsatira madokotala a ku Britain zikwi makumi angapo kupita kutsogolo, kafukufuku amene anatha kuwerenga imfa pa anthu 1,000 pa chaka mwa osuta ndi mwa osasuta, nambala ija imene tebulo la 649 kwa 649 silikanatha kupereka.